Totalo sikugwirizana pamene mwagula katundu ndi randi, dola ndi kwacha: yang'anani apa

Achemwali anga amapikula zovala ku Joni n'kudzagulitsa kuno, ndipo ulendo uliwonse akabwera amandibweretsera kathumba ka malisiti ndi kope lawo kuti tiwerengere limodzi kuti ulendo wadya ndalama zingati. Poyamba zinkativuta kwambiri, tinkapeza totalo yooneka bwinobwino, katundu n'kugulitsidwa yense, koma pofuna kubwerera ndalama ya mpamba yosakwana, ndiye mumayamba kuganiza kuti mwina ana atola kapena wina sanabweze ngongole, chonsecho vuto lili pa kaphatikizidwe ka manambala basi. Ndaona anthu ambiri a geni akugwa pa malo omwewa ndiye ndati ndilembe mmene timachitira panopa, komanso mmene mungadziwire pamene masamu asokonekera.

Nkhani yake ili apa. Ulendo wa basi kuchoka ku Joni kubwera ku Malawi umadutsa pa Beitbridge, kulowa Zimbabwe, kutulukira pa Nyamapanda, kudutsa Tete ku Mozambique n'kudzalowa kwathu pa Mwanza. Ulendo umodzi womwewo mwagwira randi, dola, metikali ndi kwacha. Mu kope manambala onsewa amangondandalikana mzere umodzi ngati ndi pachibale, koma 35 ya dola ndi 35 ya randi si chinthu chimodzi, kuziphatikiza zili ngati kuphatikiza ndowa 3 za chimanga ndi matumba 2 n'kunena kuti muli ndi 5. Ndi 5 ya chani? Mtengo uliwonse uyambe wasinthidwa pawokha kupita ku ndalama imodzi, ife timasankha kwacha poti ndi imene tigulitsire katundu, mukamaliza onse m'pamene muziphatikiza.

Ndiike chitsanzo chonse kuti zioneke. Mareti amene ndigwiritse ntchito pano ndi ongochitira chitsanzo kuti masamu aphweke, inuyo muikepo anu a tsiku limene munasintha ndalama. Tinene kuti randi imodzi ndi K100, dola imodzi K1,750, metikali imodzi K27.

Ku Joni agula madiresi 230 pa R80 imodzi, yonse R18,400. Tikiti ya basi ndi kulipirira katundu R2,300. Ku Zimbabwe chakudya ndi tina n'tina $35. Ku Tete 1,200 metikali. Kufika kuno msonkho wa pa boda K185,000 ndi galimoto yokatula katundu kunyumba K40,000.

Randi zonse ndi 20,700, kutaimusa ndi 100 ikubwera K2,070,000. Madola 35 kutaimusa ndi 1,750 ndi K61,250. Metikali 1,200 kutaimusa ndi 27 ndi K32,400. Za kwacha zili kale mu kwacha, K225,000, izi sitizikhudza. Tsopano poti zonse zikulankhula chilankhulo chimodzi tiphatikize, ikubwera K2,388,650. Kugawa ndi madiresi 230, diresi imodzi yafika pakhomo pa K10,385.

Kulakwitsa kongophatikiza manambala onse osasintha chilichonse sikumandidetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa yankho lake limakhala lopanda nzeru moti aliyense amadabwa. Apa ikanabwera 246,935, ndipo munthu amene wanyamula ndalama zoposa 2 miliyoni popita sangakhulupirire zimenezo. Kumene kumapweteka ndi uku kumene achemwali ankachita: ankatenga zonse zakunja n'kuziunjika pamodzi, 20,700 ndi 35 ndi 1,200 kukhala 21,935, kenaka kutaimusa ndi reti ya randi poti ndiyo yochuluka, ikubwera K2,193,500, kuwonjezera K225,000 ija totalo K2,418,500. Taonani, yasiyana ndi yoona ndi K29,850 yokha, ndiye munthu umati aaa zili pafupi, palibe vuto. Koma mukatsegula mkati muona kuti madola aja awerengedwa K3,500 m'malo mwa K61,250, kuchepa ndi K57,750, pamene metikali awerengedwa K120,000 m'malo mwa K32,400, kuchuluka ndi K87,600. Zolakwika ziwiri zaphimbana. Ulendo wina mukadzawononga madola 200 ku Zimbabwe koma ku Tete osagula kanthu sipadzakhala chophimba, totalo idzatsika ndi ndalama zoposa K300,000 inu osadziwa, mudzaika mtengo wotsika n'kumasangalala kuti katundu akuyenda.

Njira yogwirira vuto limeneli ndi yophweka. Yang'anani mu kope lanu, nambala iliyonse imene ilibe chizindikiro cha ndalama pambali pake ndi yokayikitsa. Ndipo werengani kuti mwataimusa kangati. Ngati mwagwira ndalama zakunja za mitundu itatu koma pa kakuleta mwataimusa kamodzi kokha ndiye kuti penapake mwaunjika.

Tsopano tifike pa reti, chifukwa apa m'pamene ndalama zambiri zimathawira, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Anthu ambiri akafuna kusintha amangotsegula foni, kufunsa kuti randi ili pa zingati lero, n'kutenga nambala imeneyo. Nambala ya pa foniyo nthawi zambiri ndi yapakati, si imene munthu amakugulitsirani, ndipo ku banki kapena ku byuro pa bolodi pamakhala manambala awiri, BUY ndi SELL. Mawu amenewa akunena za iwowo osati inu. BUY ndi mtengo umene iwo akugulira ndalama yakunja kwa inu, ndi wotsika. SELL ndi umene iwo akukugulitsirani, ndi wokwera. Ndiye ngati mukuwerengera katundu amene mukufuna kukagula kunja, yanu ndi SELL. Ngati achimwene anu akutumizirani randi ndipo mukufuna kudziwa kuti mulandira makwacha angati, yanu ndi BUY. Mukasemphanitsa, mzere uliwonse umalakwika pang'onopang'ono mbali imodzi yomweyo, ndipo chizindikiro chake n'chakuti totalo yanu nthawi zonse imakhala yochepera pang'ono kuposa ndalama imene yatulukadi m'thumba, siichulukapo ayi.

Koma kwa ulendo umene wachitika kale, reti yoona si ya pa foni kapena ya pa bolodi, ndi imene inuyo munalipiradi. Tengani makwacha onse amene munatulutsa, kuphatikizapo kachaji kalikonse kamene anakudulani, mugawe ndi marandi amene munalandira m'manja. Basi imeneyo ndiye reti yanu.

Nanga ngati randi munagula kawiri pa mitengo yosiyana? Izi zimachitika kwambiri masiku ano poti ndalama zakunja zimavuta kupeza zonse nthawi imodzi. Tibwerere kwa achemwali. Tinene kuti R12,000 anaipeza pa K100, koma R8,700 yotsalayo anaipeza patapita masabata angapo pa K130. Yoyamba yadya K1,200,000, yachiwiri K1,131,000, pamodzi K2,331,000. Mukagawa ndi 20,700 reti yawo yeniyeni ndi 112.6. Ena amangoti 100 ndi 130 pakati pake ndi 115, tigwiritse imeneyo, koma zimenezo zimagwira pokhapokha ngati munagula marandi ofanana mbali zonse ziwiri, apa ochuluka anagulidwa motchipa ndiye 115 ikupatsani K2,380,500, mwawonjezera K49,500 yomwe simunawononge. Choopsa kwambiri ndi kuiwala kuti kunali kugula kwachiwiri n'kutaimusa zonse ndi 100. Totalo yoona tsopano ndi K2,649,650 osati K2,388,650 ija, yasiyana ndi K261,000, ndipo diresi imodzi yafika pa K11,520. Munthu amene akuganiza kuti diresi yafika pa K10,385 akhoza kumagulitsa pa K11,000 n'kumati ndikupeza kenakake, chonsecho pa diresi iliyonse akuluza K520, pa madiresi 230 ndi K119,600 yapita. Zimandiwawa ndikaona zimenezi chifukwa munthu wagona m'basi masiku awiri, wayima pa mizere ya maboda atatu, n'kudzaluza chifukwa cha nambala imodzi.

Palinso nkhani ya tsiku. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700 nthawi imodzi. Amene anali ndi malisiti a Okutobala ndi a Disembala chaka chimenecho mu kope limodzi sakanatha kugwiritsa reti imodzi pa onse. Ndiye pambali pa mtengo uliwonse lembani deti. Ndipo musasakanize mafunso awiri awa, lakuti ulendo wandidyera zingati ndi lakuti ndikufunika zingati kuti ndikaodenso katundu yemweyu. Loyamba limafuna reti imene munalipira nthawi ija, lachiwiri limafuna reti ya lero. Onse ndi ofunika koma aliyense akhale ndi totalo yakeyake, mukaika theka la mizere pa reti yakale theka pa ya lero mupeza nambala yosayankha funso lililonse.

China chimene chinatisokoneza kwa nthawi ndithu ndi kuwerenga ndalama imodzi kawiri. Ku Tete achemwali safika ndi metikali kuchokera kuno, amasintha marandi otsala. Ndiye mu kope amalemba kuti ndasintha R350, pansi pake n'kulembanso chakudya ndi zina 1,200 metikali, ine powerengera n'kusintha zonse ziwiri kupita ku kwacha n'kuphatikiza. Koma ndi ndalama imodzi yomweyo yangovala malaya ena. Kusintha ndalama si kugula chinthu. Sankhani chimodzi, ndipo chabwino ndi kuwerenga R350 ija chifukwa ndi imene inachokera ku makwacha anu, pa reti ya 112.6 ikubwera pafupifupi K39,400. Muona kuti yaposa K32,400 imene tinapeza ndi reti ya 27, n'chifukwa chakuti ndalama yadutsa m'manja mwa osintha kawiri, kwacha kupita ku randi, randi kupita ku metikali, ndipo aliyense wadyapo pake. Mukaona kuti totalo ya mu kope yaposa ndalama zonse zimene munanyamuka nazo, musanaganize zina yambani mwafufuza mzere wolembedwa kuti ndasintha.

Pali mayeso amodzi amene ndimapanga nthawi zonse tikamaliza, ndipo amagwira pafupifupi zolakwika zonsezi. Pa ndalama iliyonse payokha, imene munali nayo kuchotsa imene yatsala ikuyenera kufanana ndi malisiti a ndalama imeneyo. Munali ndi R21,000, mwabwera ndi R300, ndiye malisiti a randi akwane R20,700. Izi muchite musanasinthe chilichonse kupita ku kwacha. Zikagwirizana pa randi, pa dola, pa metikali, ndiye kuti vuto likatsala lili pa reti basi, simukufufuzanso paliponse.

Za kutaimusa kapena kugawa. Ndi randi ndi dola anthu salakwitsa kawirikawiri poti tinazolowera kuti nambala ikabwera ku kwacha imakula. Amene amapita ku Kariakoo ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndi amene zimawazunguza, chifukwa shilingi ya Tanzania ndi kwacha zili ndi manambala akuluakulu onse ndipo reti amaitchula mbali zonse ziwiri. Wina akuuzani kuti shilingi imodzi ndi 0.7 ya kwacha, wina akuti kwacha imodzi ndi 1.43 shilingi, onse akunena chinthu chimodzi (awanso ndi manambala achitsanzo). Katundu wa 100,000 shilingi ndi K70,000, kaya mutaimuse ndi 0.7 kaya mugawe ndi 1.43. Koma mukataimusa ndi 1.43 mupeza K143,000, kuwirikiza kawiri. Ine ndimalemba reti iliyonse mwa njira imodzi yokha, ndalama yakunja imodzi ikufanana ndi makwacha angati, ndikatero ndimangotaimusa mizere yonse, palibenso zoganiza. Akandipatsa yotembenuka ndimayamba ndaitembenuza, 1 kugawa ndi 1.43 ikubwera 0.7. Ndipo ngati palibe amene akudziwa reti ya kwacha ndi ndalama inayo dutsirani pa dola, dola ikakhala K1,750 komanso 64 metikali, ndiye 1,750 kugawa ndi 64 ikupatsani 27.3, ndi m'mene 27 uja anabwerera.

Anzathu a ku Mchinji amene amadumpha pa Mwami kukagula ku Chipata ali ndi msampha wawowawo, kwacha ya Zambia ndi ya Malawi zonse zimalembedwa K. Lisiti la ku Chipata lolembedwa K450 likalowa mu kope limodzi ndi a kuno limaoneka ngati ndalama ya mandasi, chonsecho pa reti yachitsanzo ya 70 ndi K31,500 yathu. Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu Januwale 2013, n'chifukwa chake manambala awo ndi ang'onoang'ono chonchi. Lembani ZMW pa za ku Zambia ndi MWK pa zathu nthawi yomweyo mukulandira lisiti, osadikira kufika kunyumba poti mudzakhala mutaiwala. Chizindikiro cha $ nachonso si cha dola ya Amerika yokha, pogula pa intaneti yang'anani ngati palembedwa USD.

Kalembedwe ka manambala nakonso. Ku Mozambique lisiti likhoza kulembedwa 1.200,00 ndipo tanthauzo lake ndi 1,200, kadontho kali pamene ife timaika koma, ndipo koma ali pamene ife timaika kadontho. Ku Joni mupeza mitengo ngati R1 250,50. Mukalemba 1.200 pa kakuleta iye amva kuti ndi 1.2, mzere wonsewo usowa mu totalo. Mukaona mzere wina wabwera K32 pamene munadya nsima ndi nkhuku ku Tete, ndi zimenezi.

Kwa amene mumagwiritsa Excel kapena Google Sheets pa foni, konzani chonchi. Mu B muike nambala yokhayokha, mu C dzina la ndalama, mu D reti, mu E makwacha. Mzere wa kwacha reti yake ndi 1, musausiye opanda kanthu chifukwa ubwera ziro.

```
=B2*D2
=SUM(E2:E7)
```

Yoyambayo ikhale mu E2 n'kuikokera pansi, yachiwiri ndiyo totalo, ndipo iphatikize E osati B. Vuto limene limabwerabwera apa ndi kulemba R18,400 ndi chilembo chake mu B. Nthawi zambiri pulogalamu imaona ngati ndi mawu osati nambala, ndiye mu E mubwera #VALUE!, ndipo totalo ya SUM nayonso ibwera #VALUE!. Muzindikira poona kuti nambalayo yatsamira kumanzere pamene anzake atsamira kumanja. Fufutani R uja, mulembe ZAR mu C. Ngati mizere ndi yambiri ikani mareti pa katebulo kake mu G ndi H kuti muzisintha malo amodzi:

```
=B2*VLOOKUP(C2,$G$2:$H$5,2,FALSE)
```

FALSE ameneyo musamusiye, popanda iye ikhoza kukutengerani reti ya ndalama ina osakuuzani. Ikabwera #N/A ndiye kuti dzina la mu C silikufanana ndi la mu G, kawirikawiri ndi kampata kotsalira kumapeto kwa ZAR kapena mwalemba RAND pena ZAR pena. Koma katebulo kameneka kamapereka reti imodzi pa ndalama iliyonse, ndiye ngati munagula randi kawiri muikemo 112.6 ija, kapena mubwerere ku njira yoyamba yolemba reti pa mzere uliwonse.

Pa kudula manambala, musafupikitse reti musanataimuse. 112.6 mukaipanga 113 kuti iphweke, pa R20,700 mwawonjezera ndalama zoposa K8,000. Pa ndalama yochepa ngati ya ku Tete zilibe kanthu kwenikweni, 27 m'malo mwa 27.3 yangosiyana ndi K360, koma pa mzere waukulu siyani reti ndi timanambala take tonse, mudzafupikitse pa totalo kumapeto.

Msonkho wa pa boda musauwerengere nokha ndi reti yanu n'kuyembekeza kuti zifanana, a kasitomu amasintha mtengo wa katundu ndi reti imene iwo akugwiritsa ntchito, inu mungotenga makwacha amene alembedwa pa lisiti lawo n'kuika pa mzere wa kwacha. Chimodzimodzi mukalipira ndi khadi kunja, musatenge mtengo wa pa shelefu n'kutaimusa, dikirani uthenga kapena sitetimenti ya ku banki muone makwacha amene achotsadi, chifukwa mmenemo muli kale reti yawo, ndipo chaji ikabwera payokha muiike pa mzere wakewake.

Panopa kope la achemwali tsamba lililonse analijambula mizere isanu, deti, chinthu, mtengo ndi dzina la ndalama, reti, makwacha, ndipo pamwamba pa tsamba amalemba makwacha amene anatulutsa pogula randi ndi marandi amene analandira. Danga la makwacha amalisiya lopanda kanthu mpaka atafika, timadzadzaza limodzi mzere ndi mzere, tikatero m'pamene amaika mtengo pa diresi.